Thuza la Nsapato Yatsopano: Kuliboola Kapena Kulisiya?

Nsapato timaiyesa titaima pa katoni yoyalidwa pansi mumsika. Timaponda kawiri katatu, n'kugwedeza zala, wogulitsa n'kutitsimikizira kuti ngati ikuthina pang'ono ifutukuka tikamaivala. Koma kuponda katatu kumeneko sikungatiuze zimene nsapatoyo idzachite pa ulendo wa makilomita 10, pamene munthu wamkulu amaponda pansi maulendo pafupifupi 13,000. Kamsoko ka m'kati mwa nsapato, kamene simunakamve n'komwe pogula, kadzakhudza malo amodzimodzi a phazi lanu maulendo oposa 6,000 musanafike kumene mukupita. Nsapato ya pakaunjika nayonso ndi yatsopano ku phazi lanu ngakhale itaoneka yofewa, chifukwa inapindika ndi kufutukuka motsatira phazi la mwini wake woyamba, osati lanu.

N'chifukwa chake matuza ali ndi masiku ake odziwika: sabata yotsegulira sukulu, tsiku la ukwati, tsiku loyamba pantchito ya ulonda, ulendo wokwera phiri. Onsewa ndi masiku amene munthu amafuna kuoneka bwino, ndiye amatulutsa nsapato imene wakhala akuisunga. Ambiri thuza timalipeputsa, ndipo n'zoona kuti matuza ochuluka amapola okha pasanathe sabata. Koma limodzi lokha likhoza kubweza munthu panjira, ndipo likasamalidwa molakwika limasanduka chilonda cha mafinya chomwe chimatenga milungu.

Kuti timve bwino zoyenera kuchita, tiyambe taona chimene chimachitika m'kati mwa khungu, chifukwa ambiri timaganiza kuti nsapato imapala khungu kuchokera pamwamba. Ikatero pamakhala kusupuka chabe. Thuza lenileni limayambira m'kati. Mukamaponda, fupa la chidendene limasuntha pang'ono, pamene khungu lakunja lagwiridwa ndi sokosi, sokosiyo itagwiridwa ndi nsapato. Fupa likupita uku, khungu lakunja latsalira uko, ndiye minofu yopyapyala ya pakatipo imakokeka. Kukokeka kamodzi sikuvulaza. Koma kukabwerezedwa kambirimbiri pamalo amodzi, khungu limang'ambika m'kati mwake, lapamwamba n'kulekana ndi lapansi, monga mmene makoko a mtedza wokazinga amasiyirana ndi njere mukamaufikisa m'manja. Pamene palekanapo pamatsala kampata, ndipo pakatha ola limodzi kapena awiri kampatako kamadzaza timadzi toyera tochokera m'magazi. Timadzi timeneti si mafinya ndipo tilibe tizilombo. Thuza likakhala lakuda kapena lofiira, ndiye kuti kung'ambikako kwafika pansi pomwe pali timitsempha ta magazi.

Zinthu zitatu zimafulumizitsa kung'ambika kumeneku: chinyezi, kutentha ndi katundu. Pa chinyezi pali kanthu kodabwitsa. Khungu louma gwa limatsetsereka mosavuta pa sokosi. Khungu lonyoweratu nalonso limaterera. Loopsa ndi la pakatikati, lonyowa pang'ono ndi thukuta, chifukwa limamatirira ku sokosi, ndiponso limakhala litafewa. Phazi lotsekeredwa mu nsapato ya pulasitiki kapena m'jombo mwezi wa Okutobala limakhala m'chinyezi choterechi tsiku lonse. Katundu naye amawonjezera mphamvu imene phazi limapondera, kotero kuti mtunda umene mumauyenda bwinobwino chimanjamanja ukhoza kukutulutsani matuza mutasenza thumba.

Ulendo wa ku Chambe

Tiyerekeze mtsikana wa Fomu 3 amene akupita ndi anzake a kusukulu kukakwera phiri la Mulanje mwezi wa Julaye. Anyamukira pa Likhubula, kukwera njira ya Skyline mpaka ku nyumba yogona alendo ya ku Chambe. Ndi chitunda cha mamita pafupifupi 1,000 kupita m'mwamba, cha maola atatu kapena anayi, ndipo mawa lake atsikira njira ya Chapaluka yomwe imadzera ku Dziwe la Nkhalamba. Mayi ake amugulira nsapato yolimba ya pakaunjika. Kodi achite chiyani kuti akabwere ndi mapazi athunthu?

Ntchito imayambira pogula pomwepo. Phazi limatupa pang'ono tsiku likamapita, makamaka kukatentha ndiponso munthu akayenda, choncho nsapato ya ulendo iyesedwe masana kapena madzulo, osati m'mamawa. Aiyese atavala sokosi zomwe adzavale paulendowo, mapazi onse awiri, pakuti kawirikawiri phazi lina limakhala lokulirapo. Ataimirira, pakati pa chala chachitali ndi kumapeto kwa nsapato pazitsala mpata wokwana chala chachikulu cha kumanja atachigoneka chopingasa, womwe ndi sentimita imodzi kapena kupitirira pang'ono. Kenako amange zingwe n'kuimirira ndi zala: chidendene chikamatuluka n'kubwerera, nsapatoyo ndi yaikulu, ndipo yaikulu imabala matuza chimodzimodzi ndi yothina. Apisenso dzanja m'kati n'kupapasa paliponse, makamaka kuchidendene, kumene nsalu ya nsapato za pakaunjika imakhala itabooka n'kusiya m'mphepete molimba. Mawu akuti ifutukuka ndi oona pang'ono pa nsapato ya chikopa, yomwe imatha kutakasuka m'mbali. M'litali nsapato siikula, ndipo ya pulasitiki siisintha n'komwe.

Chachiwiri ndi nthawi. Nsapato igulidwe kudakali milungu iwiri kapena itatu ulendo usanafike. Masiku oyamba aivale pakhomo kwa ola limodzi, kenako popita kumsika kapena kuchigayo, n'kumawonjezera mtunda, mpaka adzayende nayo maola awiri atabereka chikwama chomwe adzanyamule. Apa pamachitika zinthu ziwiri nthawi imodzi. Nsapato imapindika pamene phazi lake limapindikira, ndipo khungu nalo limazolowera n'kulimba pamalo amene likukokeka. Chinanso chofunika kwambiri n'chakuti maulendo aafupiwa amamuonetsa malo ake oopsa. Akavula nsapato n'kupeza kuti kuseri kwa chidendene chakumanja kukutentha, kapena kachala kakang'ono kakuwawa, adziwe kuti pamenepo ndi pamene thuza lidzatulukire kuphiri.

Ngati ulendo wafika nsapato isanazolowereke, ine ndinganene mosabisa kuti avale yakale yomwe phazi likuidziwa, bola kunsi kwake kusakhale koterera. Kukongola kwa pachithunzi sikungalipire kutsika phiri ukutsimphina.

Sokosi ambiri sitiziganizira, koma ndi zimene zimakhudzana ndi khungu. Sokosi ya thonje imamwa thukuta n'kulisunga, kenako imakwinyika, ndipo khwinya lililonse limasanduka kamzere kokanda phazi. Sokosi za ubweya kapena za ulusi wopangidwa kufakitale, monga zomwe amavala osewera mpira, zimauma msanga ndipo sizikwinyika kwambiri. Njira yakale ya asilikali ndi kuvala sokosi ziwiri, yopyapyala yoterera m'kati, yokhuthala kunja. Cholinga chake n'chakuti kutsetsereka kuzichitika pakati pa sokosi ziwirizo, khungu lisamakokeke. Zimathandiza pokhapokha ngati nsapato ili ndi malo. Ikakhala yothina kale, sokosi yachiwiri imangowonjezera vuto. M'chikwama mukhale sokosi zina zouma zokulungidwa m'jumbo. Mwezi wa Julaye ku Mulanje kumagwa chiperoni, udzu wa m'mbali mwa njira umanyowa, ndipo nsapato imamwa madzi ngakhale mvula isanagwe.

Mmawa wa ulendo, malo aja anawazindikira awamate pulasitala khungu lidakali louma ndi loyera. Pulasitala wotchipa wa pepala, uja amamatira thonje kuchipatala akakutengani magazi, anayesedwapo bwino. Mu 2016 madokotala a ku Yunivesite ya Stanford ku America, motsogozedwa ndi Grant Lipman, anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa anthu 128 othamanga mipikisano ya makilomita 250 ya masiku angapo. Anawamata pulasitala ameneyu pamalo amene amakonda kuchita matuza, ndipo matuza anachepa ndi 40 peresenti. Ubwino wake ndi wakuti pamwamba pake m'poterera, komanso guluu wake ndi wofooka moti pomatula sasupula khungu. Kuipa kwake n'komweko: phazi likanyowa amamatuka, ndiye muyenera kumata wina. Pulasitala wa nsalu amagwira nthawi yaitali, ndipo ndi amene ndingasankhe pachidendene. Pomata, dulani ngodya zake kuti zikhale zozungulira, pakuti ngodya yakuthwa ndi imene imayamba kupindika. Asakhale ndi khwinya, apitirire malo oopsawo mbali zonse, ndipo musazungulize chala mothinitsa.

Nanga mafuta? Anthu ambiri amapaka vaselini, ndipo poyamba amathandizadi chifukwa khungu limaterera. Koma pakapita ola limodzi mafutawo amakhala atalowa m'khungu ndi m'sokosi, khungu latsala lofewa, ndipo pa ulendo wautali kukokeka kumatha kuposa mmene kunalili musanapake. Fumbi ndi mchenga zimamatiriranso pamenepo. Pa ulendo wa theka la ola wopita kutchalitchi vaselini ndi wokwanira. Pa ulendo wa tsiku lonse, wopaka akhale wokonzeka kumapakanso, ndipo adziwe kuti pamene papakidwa mafuta pulasitala sagwirapo. Paudala naye amaumitsa phazi poyamba, koma akanyowa ndi thukuta amaundana n'kukhala timibulu tokanda. Zikhadabo ziwengedwe kudakali masiku angapo, chifukwa chikhadabo chachitali chimacheka chala choyandikana nacho.

Tsopano ali panjira. Pokwera Skyline, chidendene chimanyamuka pa kuponda kulikonse, ndiye thuza limakonda kuseri kwa chidendene. Potsika Chapaluka phazi limaselerekera kutsogolo, zala n'kumagunda kumapeto kwa nsapato, ndiye ovutika ndi zala, zikhadabo ndi kunsi kwa phazi kufupi ndi zala. Mavuto onse awiriwa amachepa ndi kamangidwe ka zingwe. Nsapato zambiri zamasewera zili ndi kabowo kowonjezera pamwamba penipeni, kamene ambiri sitikagwiritsa ntchito. Mukafika pamwambapo, musadutsitse chingwe kupita mbali ina. Chilowetseni m'kabowo komaliza ka mbali yomweyo kuti pakhale kagonga, muchite chimodzimodzi mbali inayo, kenako chingwe chakumanja chidutse m'kagonga ka kumanzere, chakumanzere chidutse m'ka kumanja, mukoke n'kumanga. Nsapato imagwira pakakolo, chidendene chimakhazikika, pamene zala zili ndi ufulu. Asanayambe kutsika, amasule n'kumanganso, chifukwa zingwe zimakhwepa poyenda.

Pa zonse zimene ndalemba pano, chimene ndikufuna kuti mtsikanayu asaiwale ndi ichi: thuza limachenjeza lisanabwere. Pamalo pamene khungu layamba kukokeka mopitirira muyeso pamatentha, pamanyereza, mwina pamaluma pang'ono. Nthawi imeneyo khungu limakhala lisanang'ambike, kapena langoyamba kumene. Amene waima pomwepo, n'kuvula nsapato, kukutumula mchenga, kuumitsa phazi, kumata pulasitala ndi kusintha sokosi, amataya mphindi zisanu basi. Amene wanena kuti ndikaona tikafika, amakapeza thuza litakhwima. Chimene chimalepheretsa anthu kuima si umbuli, koma manyazi. Pagulu palibe amene amafuna kukhala woyamba kudandaula, makamaka wachinyamata amene akuona onyamula katundu akudutsa ndi mitolo ali ndi patapata. Onyamula katunduwo mapazi awo anazolowera phirilo kwa zaka, ndipo si oti mlendo adziyerekeze nawo. Mphunzitsi kapena wotsogolera gulu angathandize kwambiri polamula kuti pakatha theka la ola loyamba onse akhale pansi ndi kuvula nsapato, odandaula ndi osadandaula omwe.

Likatuluka

Tinene kuti mtsikana uja wafika ku Chambe madzulo, wavula sokosi, ndipo wapeza matuza awiri. Lina ndi laling'ono, kukula kwake ngati nyemba, pambali pa chala chachikulu, ndipo silikuwawa akapanda kulikhudza. Lina ndi lalikulu, la masentimita atatu, kuseri kwa chidendene, lotupa kwambiri moti nsapato singalowe popanda kulipsinja. Mawa pali ulendo wa maola angapo wotsika. Aboole kapena asiye?

Malangizo a achipatala amayambira pa kusiya. A zaumoyo a boma ku Britain amauza anthu kuti asamaboole okha matuza. Bungwe la madokotala a khungu ku America nalonso limati ndi bwino kusaboola, koma limavomereza kuti thuza lalikulu ndi lowawa kwambiri likhoza kuchotsedwa madzi ndi singano yoyera. Chifukwa chosiyira ndi chomveka. Malinga ngati khungu lophimba thuza lili lathunthu, tizilombo tilibe polowera, ndipo pansi pake thupi limakhala likugwira ntchito. Khungu latsopano limayamba kumera pakangopita maola ochepa, pakatha masiku awiri limakhala litayala, ndipo pofika masiku asanu limakhala litayamba kulimba. Timadzi tija thupi limatimwanso lokha, khungu lakale n'kuuma, n'kudzafundudka nthawi yake ikakwana.

Choncho thuza laling'ono lija alisiye. Chofunika ndi kulitchinjiriza kuti nsapato isalikhudze. Atenge kansalu kokhuthala kapena kasiponji kopyapyala, adule kachidutswa kokulirapo kuposa thuzalo, aboole pakati bowo lokwana thuzalo, n'kukaika molizungulira. Nsapato izipsinja kansaluko, thuza lili m'bowo. Pamwamba aikepo kagozi kapena kansalu koyera, n'kumata pulasitala. Guluu wa pulasitala asakhudze khungu la thuza lenilenilo, chifukwa pomatula adzachoka nalo.

Lalikulu lija nkhani yake ndi ina. Kulisiya sikutanthauza kuti likhalabe lathunthu. Mawa likapsinjika m'nsapato, madzi ake adzakankhira m'mbali n'kulikulitsa, kenako lidzaphulikira m'sokosi ya thukuta ndi fumbi, khungu lophimba n'kung'ambika n'kupindikira kumbali. Kusankha kwenikweni kuli pakati pa tibowo tating'ono toboola ndi manja osamba, ndi chibowo chong'ambika chokha m'nsapato yakuda. Pamenepa ine ndimaima ndi oboola. Thuza lalikulu, lowawa, la madzi oyera, lomwe lili pamalo opondera kapena okhudzana ndi nsapato, pa munthu wathanzi amene ayenera kuyendabe, ndi loyenera kulichotsa madzi. Koma chochotsedwa ndi madzi okha, khungu ayi.

Kachitidwe kake ndi aka. Asambe m'manja ndi sopo, atsuke phazi ndi sopo ndi madzi oyera, makamaka owiritsa n'kuzizira, aumitse, n'kupukuta thuzalo ndi spiriti kapena ayodini. Singano yabwino koposa ndi ya jakisoni yatsopano yomwe ili m'pepala lake, ndipo imagulidwa ku famase pa mtengo wochepa. Ikasowa, singano yosokera itsukidwe n'kupukutidwa ndi spiriti, kapena iwotchedwe pa lawi mpaka nsonga ifiire, n'kuidikira izizire osaigoneka pansi. Munga, lezala yogwiritsidwapo kale ntchito, kapena pini yochotsedwa pa chovala sizoyenera, ndipo singano imodzi asabwerekane anthu awiri. Aboole m'mphepete mwa thuza, mbali yakumunsi kumene madzi angatsikire okha, singano itagona chammbali osati cholozetsa m'mnofu. Tibowo tiwiri kapena titatu n'tokwanira. Siziwawa, chifukwa khungu lapamwambalo lilibe mitsempha yomvera ululu. Akamva kuwawa ndiye kuti walowetsa kwambiri. Kenako apsinje pang'onopang'ono ndi gozi kapena nsalu yoyera mpaka khungulo ligone pansi. Apake ayodini pang'ono kapena mafuta ophera tizilombo, aphimbe ndi gozi, azungulize kansalu kabowo kaja, n'kumata pulasitala wogwira pakhungu labwino la m'mbali.

Nthawi yabwino yochitira zimenezi ndi madzulo, ulendo wa tsikulo utatha, kuti khungu ligone pamalo pake usiku wonse. Mmawa akhoza kupeza kuti thuza ladzazanso, popeza tibowo ta singano timatsekeka msanga. Zimenezi si zachilendo, ndipo angolichotsanso madzi mwa njira yomweyo. Khungu lophimba likagona bwino tsiku loyamba, limamatirira pansi n'kukhala chophimba cholimba mpaka chilonda chitapola.

Pali chizolowezi china chimene chimafala pakati pa oyenda maulendo ataliatali: kusoka thuza ndi singano ya ulusi, n'kusiya ulusiwo ukulendewera kuti madzi azitsatira. Madzi amatulukadi, koma ulusi womwewo umakhala njira yolowetsera tizilombo kuchokera m'sokosi. Musatero. Musathirenso spiriti m'kati mwa thuza. Ululu wake ena amauyesa chizindikiro chakuti mankhwala akugwira, pamene kwenikweni ukupha khungu lanthete lomwe limayenera kutseka chilondacho. Phulusa, dothi, mchere, ndi mankhwala otsukira mano zisayandikire pamenepo. Dothi ndi ndowe ndi momwe mumakhala tizilombo ta kafumbata, ndipo munthu amene chilonda chake chalowa zimenezi, asakukumbukira pamene anabayitsa katemera wa kafumbata, akafunse kuchipatala.

Ngati thuza laphulika kale lokha, mutsuke ndi madzi oyera ndi sopo. Khungu likadali lolendewera koma loyera, libwezereni pamalo pake n'kuphimba. Likang'ambika kwambiri n'kuda, kapena pansi pake palowa mchenga, dulani lakufalo ndi sizasi yoyera, chifukwa tsopano likungobisa litsiro. Pamatsala malo ofiira owawa kwambiri, ndipo amenewa asasiyidwe pamphepo kuti aume n'kuchita nkhanambo yong'aluka. Amapola msanga akaphimbidwa, atapakidwa mafuta pang'ono kuti gozi asamatirire. M'mafamase ena a m'tauni mumapezeka mapulasitala apadera a matuza, okhuthala ndi ofewa, amene amamatidwa n'kusiyidwa masiku angapo mpaka atayamba kumatuka okha. Amenewa ndi abwino pa thuza losupuka, koma pa thuza lathunthu amatha kuchoka ndi khungu lophimba.

Thuza la magazi musaliboole. Kung'ambika kwake kwafika pa mitsempha, ndiye tizilombo tikalowa timakhala tayandikira magazi. Litchinjirizeni basi. Chimodzimodzinso thuza lobisika pansi pa khungu lokhuthala la kuphazi, lomwe limawawa koma silioneka bwino: kulifunafuna ndi singano kumangovulaza. Amene mapazi awo ali ndi khungu lokhuthala kwambiri asaganize kuti ndi otetezeka, chifukwa thuza la pansi pa khungu loterolo ndi lovuta kuposa la pamwamba. Ndi bwino kumalikwecha pang'ono ndi mwala posamba, osalichotsa lonse.

Amene sayenera kudziboola okha

Zonse ndanenazi zikukhudza munthu wathanzi. Kwa munthu wodwala matenda a shuga, thuza si nkhani ya pakhomo ayi. Shuga akakhalitsa amaononga mitsempha yomvera ululu ya kumapazi, kotero kuti chenjezo la kutentha lija silimveka. Munthu amayenda tsiku lonse nsapato ikumudya, osadziwa. Magazi nawonso safika mokwanira kumapazi, ndiye chilonda chimachedwa kupola ndipo tizilombo timachulukana msanga. Zilonda zambiri zimene zimafikitsa odwala shuga pa kudulidwa chala kapena mwendo zimayamba ndi kanthu kakang'ono kotere, kawirikawiri kochokera ku nsapato yosakwana bwino. Wodwala shuga nsapato yatsopano aivale ola limodzi kapena awiri okha pa tsiku poyamba, n'kuvula, n'kuyang'ana phazi lonse ndi maso, kunsi ndi pakati pa zala, pogwiritsa ntchito galasi kapena kupempha wachibale. Asanavale azipisa dzanja m'nsapato kufufuza timiyala. Akapeza thuza, alitsuke, aliphimbe, asavalenso nsapatoyo, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo kapena mawa lake ngakhale lisakuwawa. Kusawawako ndiye kuopsa kwake.

Langizo lomweli likukhudzanso aliyense amene mapazi ake amachita dzanzi, kaya chifukwa cha khate kapena matenda ena a mitsempha, amene miyendo yake siyenda bwino magazi, ndiponso amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika. Ngati muli ndi agogo kapena kholo lodwala shuga ndipo mwawagulira nsapato ya ukwati, udindo woyang'ana mapazi awo madzulo a tsikulo ndi wanunso.

Kwa wina aliyense, thuza loyenda bwino limachepa ululu tsiku ndi tsiku. Likamawawa kwambiri pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu kuposa loyamba, makamaka ululu wogunda ngakhale mutakhala pansi, pamenepo palowa tizilombo. Mabuku ambiri amati muyang'ane kufiira, koma pakhungu lakuda kufiira sikuoneka msanga. Dalirani dzanja: yerekezani kutentha kwa malowo ndi malo omwewo pa phazi linalo. Onani ngati patupa, ngati khungu likunyezimira kapena lada kuposa pozungulira, ngati madzi asanduka oyera ngati mkaka, achikasu kapena obiriwira, ndiponso ngati pakununkha. Kutupa kukamakwera kulowera kukakolo, mukatuluka mwanabere m'mphechepeche, kapena thupi likatentha ndi kuzizidwa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Pamenepo pafunika mankhwala olembedwa ndi dokotala, osati makapisozi awiri ogula pa okala, kaya omwa kaya othira ufa wake pachilonda. Ndipo matuza amene atuluka popanda nsapato kukhudzapo, ochuluka, oyabwa, kapena obwera chifukwa cha kupsa ndi moto, ndi nkhani ina yofunika achipatala aione.

Mtsikana uja akafika kunyumba, azisintha chophimba tsiku lililonse kapena chikangonyowa, ndipo avale patapata kapena nsapato yosakhudza chidendene kwa masiku angapo. Khungu lakale likauma n'kuyamba kufunduka lokha, angalidule ndi sizasi yoyera. Latsopano la pansi pake limakhala lanthete kwa milungu ingapo, ndiye pamenepo azimatapo pulasitala nthawi iliyonse akavala nsapato yotseka. Nsapatoyo isabwerere kuphazi isanakonzedwe. Aipapase m'kati pamalo olingana ndi thuza lija. Ngati ndi msoko wotukuka kapena chikopa cholimba cha kuchidendene, wosoka nsapato wa pamsika akhoza kuchisula ndi hamala, kuchifewetsa, kapena kumatapo kachikopa kosalala. Ngati chidendene chimatuluka, kansalu kowonjezera pansi pa lilime la nsapato kapena kamangidwe ka zingwe kaja kangathetse vutolo. Koma ngati zala zikugunda kumapeto, palibe wosoka amene angaitalikitse, ndipo nsapatoyo ipatsidwe kwa mng'ono wake amene ingamukwane.